Zachuma Chathu: Tsiku Limene London Inagonja, ndi Zimene Limatiuza za Kwacha

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu, kenako izilala)

MUULUTSI: Yafikanso nthawi ya pulogalamu ya Zachuma Chathu. Lero tikamba za mmene banki yaikulu ya dziko imatetezera ndalama ya dzikolo ikayamba kuchepa mphamvu. Muno mu situdiyo ndili ndi mphunzitsi wa zachuma. Takulandirani, aphunzitsi.

MPHUNZITSI: Zikomo mayi, ndipo moni kwa onse amene akutimvera.

MUULUTSI: Ndiyambe ndi funso limene ndimalimva m'minibasi nthawi zonse kwacha ikagwa. Anthu amati, banki yaikulu ilipo, bwanji osangoletsa kuti dola isakwere?

MPHUNZITSI: Kulengeza mtengo n'kosavuta, mayi. Chovuta n'chakuti munthu akabwera ndi makwacha ake pa mtengo umene mwalengezawo, apeze madola. Banki yaikulu ingathe kusindikiza makwacha ochuluka mmene ingafunire, koma singasindikize dola ngakhale imodzi. Ndiye anthu ofuna madola akachuluka kuposa ogulitsa, ili ndi zida ziwiri zikuluzikulu. Choyamba ndi ndalama zakunja zimene inasunga, zimene ambiri timazitcha nkhokwe. Imatapa m'nkhokwemo n'kugulitsa kwa mabanki kuti ofuna madola awapeze pa mtengo wakale. Chachiwiri ndi chiwongoladzanja. Imachikweza kuti amene ali ndi ndalama ya dzikolo aone phindu poisunga, ndiponso kuti wofuna kukongola ndalamayo n'cholinga chokagulira madola aganize kawiri.

Kuti timvetse mphamvu ya zida ziwirizi ndi pamene zimathera, ndikufuna tipite ku London, Lachitatu pa 16 Sepitembala 1992. Tsiku limenelo dziko lolemera linagwiritsa ntchito zida zonse ziwiri pakati pa m'mawa ndi madzulo, ndipo zonse zinakanika.

MUULUTSI: Tatiuzani chimene chinachitika. Iwowo ankateteza chiyani?

MPHUNZITSI: Mu Okutobala 1990 dziko la Britain linalowa m'pangano la maiko a ku Ulaya lakuti ndalama zawo zisamatalikirane mitengo. Nthawi imeneyo yuro kunalibe, ndipo ndalama yamphamvu pa zonse inali maki ya ku Jeremani. Anagwirizana kuti paundi imodzi izisinthidwa pa mamaki 2.95. Inkaloledwa kutsika pang'ono, koma osapitirira pa mamaki pafupifupi 2.78. Ikafika pamenepo, banki yaikulu ya ku London inali ndi udindo wogula paundi iliyonse imene munthu angabweretse, n'kumupatsa mamaki kapena madola ochokera m'nkhokwe.

Vuto linachokera ku Jeremani. Dzikolo linali litangogwirizanitsa mbali yake yakuvuma ndi yakuzambwe, boma likuwononga ndalama zambiri pokonza kuvuma, mitengo ya zinthu n'kuyamba kukwera. Banki yawo yaikulu, Bundesbank, inakweza chiwongoladzanja kuti ithane ndi zimenezo. Ndiye aliyense wokhala ndi ndalama zambiri ankaona kuti kusunga mamaki n'kwaphindu. Pamene ku Britain chuma chinali chitalowa pansi: anthu osowa ntchito anali kuyandikira mamiliyoni atatu, ndipo mabanja zikwizikwi ankalandidwa nyumba chifukwa cholephera ngongole. Dziko lotere limafunika chiwongoladzanja chotsika. Koma kuti paundi isagwe, linkayenera kuchisunga pamwamba, pa 10 peresenti.

MUULUTSI: Ndiye kuti mankhwala a paundi anali poizoni kwa anthu a m'dzikomo.

MPHUNZITSI: Ndipo ochita malonda a ndalama ankadziwa zimenezo. Kumayambiriro kwa sabata imeneyo dziko la Italy linali litagwetsa kale ndalama yake. Lachiwiri madzulo kunamveka kuti mkulu wa Bundesbank, a Helmut Schlesinger, anena mawu osonyeza kuti mitengo ya ndalama zinanso ikufunika kusinthidwa. Kutacha Lachitatu, aliyense anali kugulitsa mapaundi. Banki yaikulu ya ku London inayamba kugula. Inkagula mapaundi mamiliyoni mazanamazana nthawi imodzi, koma mtengo osasuntha pa malire paja, chifukwa ogulitsa sankatha. Cha m'ma 11 koloko m'mawa boma linalengeza kuti chiwongoladzanja chakwera kuchoka pa 10 kufika pa 12 peresenti. Amene ankayang'ana mitengo pa makompyuta anaona kuti paundi sinagwedezeke n'komwe. Masana analengezanso kuti mawa lake chifika pa 15 peresenti. Ogulitsa anangopitiriza. Itadutsa 7 koloko madzulo, nduna ya zachuma, a Norman Lamont, anatuluka panja pamaso pa atolankhani n'kulengeza kuti Britain yatuluka m'panganomo. Za 15 peresenti zija zinathera pomwepo, ndipo mawa lake chiwongoladzanja chinabwerera pa 10.

MUULUTSI: Apa ndiye pondizunguza mutu, aphunzitsi. Wina akandiuza kuti ndikasunga ndalama mwake andipatsa 15 peresenti m'malo mwa 10, ine ndingathamangire. Iwowa anakaniranji?

MPHUNZITSI: Tiyeni tiwerengere limodzi, ndipo omvera amene ali ndi cholembera alembe. Tiyerekeze munthu amene wakongola mapaundi 1,000,000 ku banki ya ku London. Pa 15 peresenti, chiwongoladzanja cha chaka chathunthu ndi mapaundi 150,000. Koma iyeyu sakufuna ngongole ya chaka. Akufuna ya sabata imodzi yokha. Mukagawa 150,000 ndi masabata 52, mupeza kuti sabata imodzi imudyera mapaundi osakwana 3,000.

Tsopano watenga mapaundi aja n'kukawagulitsa kwa banki yaikulu pa mtengo wa 2.78. Walandira mamaki 2,780,000, wakhala phee. Paundi ikagwa, tinene kuti yafika pa mamaki 2.50, iye agula mapaundi 1,000,000 obwezera ngongole ija ndi mamaki 2,500,000 okha. M'manja mwake mwatsala mamaki 280,000, amene pa mtengo watsopanowo ndi mapaundi 112,000. Nanga paundi ikapanda kugwa? Agulanso mapaundi ake pa mtengo pafupifupi womwe uja, n'kungotaya kachiwongoladzanja kosakwana 3,000 kaja. Ndiye onani: akaluza aluza 3,000, akapata apata oposa 100,000. Ndani angasiye malonda otere chifukwa chiwongoladzanja chakwera ndi 5 peresenti pa chaka?

MUULUTSI: Ndiye kuti chiwongoladzanja chimawerengedwa pa chaka, pamene kugwa kwa ndalama kumachitika usiku umodzi.

MPHUNZITSI: Mfundo yake ndi imeneyo, ndipo ndi imene ndikufuna omvera aigwiritsitse. Kuti muopseze munthu amene akuyembekeza kuti ndalama igwa ndi 10 peresenti sabata ino, muyenera kumulipiritsa pafupifupi 10 peresenti pa sabata. Pa chaka imeneyo ndi pafupifupi 500 peresenti. Musaseke, mayi, chifukwa dziko la Sweden linachitadi zimenezo sabata yomweyo. Banki yawo yaikulu inaika 500 peresenti pa ndalama zimene inkakongoza mabanki kwa masiku ochepa. Zinagwira, ogulitsa anabwerera m'mbuyo. Koma palibe bizinesi imene ingapume pa chiwongoladzanja chotere, ndiye anachitsitsa msanga. Ogulitsa anabweranso, ndipo pa 19 Novembala chaka chomwecho Sweden nayo inaileka ndalama yake kuti ipeze yokha mtengo.

Ku Britain kunali chinthu chinanso. Anthu ambiri kumeneko ngongole zawo za nyumba zinali zoti banki yaikulu ikakweza chiwongoladzanja, zimene amalipira pamwezi zimakweranso. Amsika ankadziwa kuti boma la a John Major silingapirire 15 peresenti ngakhale mwezi umodzi, anthu ali kale m'mavuto. Moti chilengezo cha masana chija, m'malo moopseza ogulitsa, chinawauza kuti boma lafika pa mwana wakana phala. Chiwongoladzanja chimateteza ndalama pokhapokha anthu akakhulupirira kuti mungathe kukhala nacho nthawi yaitali.

MUULUTSI: Nanga ndalama za m'nkhokwe zimene anagulitsa tsiku limenelo zinapita kuti?

MPHUNZITSI: Zinapita kwa amene ankagulitsa mapaundi aja. Wotchuka pa onsewo ndi a George Soros, amene kampani yawo inapindula pafupifupi madola 1 biliyoni. Koma sanali okha, ndipo sindikonda nkhaniyi ikamakambidwa ngati munthu mmodzi ndiye anagwetsa paundi. Mabanki, makampani oitanitsa katundu, osunga ndalama za penshoni, onse ankathawa paundi pofuna kudziteteza. Patapita zaka, unduna wa zachuma wa dzikolo unawerengera kuti nkhondo imeneyo inaonongetsa mapaundi pafupifupi 3.3 biliyoni. Kutayikako kunabwera motere: banki yaikulu inagulitsa mamaki ndi madola motchipa, n'kutsala ndi mulu wa mapaundi amene patangopita masabata ochepa anali atachepa mphamvu ndi pafupifupi 15 peresenti.

Chodabwitsa n'chakuti pambuyo pake chuma chawo chinayamba kuchira. Pofika Januwale 1993 chiwongoladzanja chinali chitatsika kufika pa 6 peresenti, katundu wawo anatchipa kunja, malonda n'kuyenda. Koma apa ndichenjeze. Dziko limene limapanga katundu wambiri wogulitsa kunja limapindula msanga ndalama yake ikagwa. Dziko limene limagula kunja mafuta, feteleza ndi mankhwala limayamba lalira kaye.

(Kanyimbo kakafupi)

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, iyi ndi pulogalamu ya Zachuma Chathu. Aphunzitsi, mwatchula mafuta ndi feteleza, ndiye tibwere kwathu kuno. Nkhokwe yathu ya ndalama zakunja imadzazidwa ndi chiyani, ndipo timadziwa bwanji kuti ndi yokwanira?

MPHUNZITSI: Madola athu amachokera kwambiri ku fodya, kenako tiyi, shuga, mbewu za mtundu wa nyemba, thandizo la maiko akunja, ngongole, ndi zimene abale athu a ku Joni ndi kwina amatumiza. Fodya ali ndi nyengo yake. Misika ya ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu imatsegulidwa cha mu Epulo, ndipo kwa miyezi ingapo madola amalowa. Misika ikatsekedwa madola amachepa, koma ndi nthawi yomweyo imene dziko likuitanitsa feteleza wa dzinja. Ntchito yeniyeni ya nkhokwe ndi imeneyi: banki yaikulu igule madola nthawi ya fodya, idzawagulitse kuyambira cha mu Okutobala mpaka fodya wina. Ikamagwira ntchito imeneyi, nkhokwe imatsika n'kudzadzanso, ndipo palibe chodetsa nkhawa.

Poyeza kukwanira kwake sitingoyang'ana chiwerengero cha madola. Timafunsa kuti, madola atasiyiratu kulowa lero, amene alipowa angagulire dziko katundu wakunja kwa miyezi ingati? Kuno kwathu kawerengedwe kamene kakhala kakugwiritsidwa ntchito m'zaka zapitazi n'kakuti mwezi umodzi umafuna madola pafupifupi 250 miliyoni. Akatswiri amalangiza kuti dziko lisatsike pa miyezi itatu, kutanthauza madola 750 miliyoni. Mu 2023 nkhokwe ya banki yathu yaikulu inatsika mpaka kufika pa mwezi umodzi, nthawi zina osakwana n'komwe. Pamenepo chida choyamba chija chimakhala kuti palibe.

MUULUTSI: Koma ndiye ziwerengero zimene zimalengezedwazo tizizikhulupirira mmene zilili?

MPHUNZITSI: Muzifunsa funso limodzi: mwa madola amenewa, ndi angati amene ali kale ndi mwini wake? Chitsanzo chodziwika ndi cha dziko la Thailand mu 1997. M'mabuku, banki yawo yaikulu inali ndi madola oposa 30 biliyoni, ndipo anthu ankati ndalama yawo, bati, ili pabwino. Zimene ambiri sankadziwa n'zakuti bankiyo inali itasainirana mapangano olonjeza kudzapereka madola oposa 20 biliyoni m'miyezi yakutsogolo. Inkateteza bati ndi malonjezo, kuti chiwerengero cha m'mabuku chisaoneke kutsika. Pa 2 Julaye 1997 inagonja, ndipo pofika Januwale chaka chotsatira dola imene inkagulidwa ndi mabati 25 inkafuna oposa 50.

Ifenso mbali ina ya madola amene ankaoneka m'nkhokwe yathu m'zaka zapitazo inali yobwereka ku mabanki a mu Africa muno monga Afreximbank ndi TDB. Dola yobwereka imagula mafuta lero ngati dola ina iliyonse, koma tsiku lobweza likafika imatuluka pamodzi ndi chiwongoladzanja chake. Ndiye pomva chiwerengero, muzifuna kudziwanso chimene chingatsale ngongole zoterezi zitachotsedwa.

MUULUTSI: Ku London banki itaona kuti yalephera, inagonja tsiku lomwelo. Kuno sitinaonepo zotero. Mtengo umakhala womwewo miyezi yambirimbiri.

MPHUNZITSI: Kusiyana kwake kuli pa lamulo. Ku London aliyense anali ndi ufulu wosintha ndalama zochuluka mmene angafunire, choncho nkhokwe inkatha pa maola. Kuno ndalama zakunja zili ndi malamulo ake. Kuti ugule madola ku banki uyenera kuonetsa mapepala a katundu amene ukuitanitsa kapena a ulendo, ndipo ogulitsa katundu kunja amalamulidwa kupereka gawo la madola awo ku banki yaikulu. Ndiye nkhokwe ikauma, mtengo wolembedwa pa bolodi m'banki susintha. Chimene chimasintha ndi kutalika kwa mzere.

Taganizirani mayi amene amaoda zitenje ndi nsapato ku Dar es Salaam. Wapita ku banki yake, wapereka mapepala, amuuza kuti pempho lake lalandiridwa, adikire. Sabata yatha, mwezi watha. Pa bolodi dola ikadali pa mtengo wakale, koma palibe amene akumugulitsa. Shopu ikutha katundu. Mapeto ake apita kwa anyamata osintha ndalama pamsewu kapena pachipata cha dziko, agula dola pa mtengo wokwera, ndipo mtengo umenewo auika pa chitenje. Wogula chitenjecho walipira kale kugwa kwa kwacha, ngakhale boma lisanalengeze chilichonse.

Tinaziona mu 2011 ndi kumayambiriro kwa 2012. Fodya sanagulidwe bwino, maiko otithandiza anaimitsa thandizo, koma dola inasungidwa pa makwacha osapitirira 170. Galimoto zinkagona pa malo omwetsera mafuta. Mu Meyi 2012, boma la mayi Joyce Banda litangolowa, dola inapita pa K250. Tinazionanso mu Meyi 2022, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndiponso mu Novembala 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700.

MUULUTSI: Ija inalengezedwa kuti 44 peresenti.

MPHUNZITSI: Yomweyo. Ndingowonjezapo kuti 44 peresentiyo ndi mmene dola inakwerera. Mukawerengera mbali ya kwacha, K1,000 imene munali nayo inataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a madola amene ikanagula. Koma tiyeni tibwereze masamu a ku London aja ndi ziwerengero zathu. Anthu awiri, aliyense ali ndi K1,180,000 kumayambiriro kwa Novembala 2023. Woyamba wapeza mwayi wogula madola 1,000 pa mtengo wa ku banki n'kuwasunga. Wachiwiri wasunga makwacha ake ku banki. Nthawi imeneyo chiwongoladzanja cha banki yaikulu chinali 24 peresenti. Tingoyerekeza kuti wachiwiriyu akulandira 24 yonseyo, ngakhale tikudziwa kuti buku wamba losungira ndalama limapereka zochepa kwambiri kuposa pamenepo. Pakutha pa chaka chathunthu apindula K283,200. Woyamba uja, tsiku limodzi lokha, madola ake asanduka K1,700,000. Wapindula K520,000 ali mtulo.

Aliyense amene ankaona mizere ya mafuta ndi mtengo wa pamsewu ankatha kuwerenga masamu amenewa. Choncho amene anali ndi madola ankawagwira osagulitsa, wogulitsa katundu kunja ankachedwetsa kubweretsa malipiro ake, ndipo woitanitsa katundu ankathamangira kulipiriratu. Palibe a Soros pamenepa, mayi. Ndi anthu wamba ndi makampani amene akuteteza chuma chawo, koma zotsatira zake n'zofanana: madola amasowa kwambiri chifukwa chakuti anthu akuyembekeza kuti asowa.

MUULUTSI: Nanga poti banki yathu inakhala ikukweza chiwongoladzanja nthawi yonseyo, ndiye kuti inkangovutitsa anthu pachabe?

MPHUNZITSI: Pachabe ayi, koma tiyenera kudziwa chimene chidachi chingathe kuno ndi chimene sichingathe. Kumayambiriro kwa 2022 chinali pa 12 peresenti. Chinakwera kufika pa 14, kenako 18 chaka chomwecho, 22 ndi 24 mu 2023, mpaka 26 peresenti mu Febuluwale 2024. M'maiko amene ali ndi misika ikuluikulu ya ndalama, kukweza kotere kumakopa alendo kuti abweretse madola awo, agule ndalama ya dzikolo n'kukongoza boma. Kuno alendo otere ndi ochepa kwambiri, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Munthu sangalowetse madola m'dziko limene sakudziwa ngati adzawapeze tsiku lofuna kutuluka. Khomo limenelo kwa ife ndi lotseka.

Njira imene imatsala ndi yowawa. Ngongole ikadula, amalonda amakongola zochepa, amaitanitsa katundu wochepa, ndipo ofuna madola amachepa. Kunena mosabisa, chiwongoladzanja chimateteza kwacha pochepetsa zimene anthu angathe kugula. Wabizinesi amene amayendera ngongole ya ku banki amalipira chiwongoladzanja cha banki yaikulu chija, n'kuwonjezapo phindu la banki yake, moti 30 peresenti imapitirira.

Ndiye pali zinthu ziwiri zimene zimafooketsa chidachi. China n'chakuti chiwongoladzanja chiyenera kuyerekezedwa ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Mu Januwale 2024 mitengo inali itakwera ndi pafupifupi 35 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho. Ngati ndalama yanu ikubereka 26 pamene zinthu zikukwera ndi 35, kusunga makwacha n'kuluza. Munthu wanzeru zake agula simenti, malata, galimoto kapena madola, ndipo zambiri mwa zimenezi zimafuna ndalama zakunja.

MUULUTSI: Nanga chinacho?

MPHUNZITSI: Chinacho ndi boma lenilenilo, ndipo kwa ine ichi ndiye chachikulu. Banki yaikulu ikagulitsa madola 10 miliyoni kwa mabanki, imalandira makwacha, ndipo makwacha amenewo amachoka m'manja mwa anthu. Makwacha akachepa, ofuna madola amachepanso, ndipo umu ndi mmene zida ziwiri zija zimathandizirana. Koma tiyerekeze kuti sabata yomweyo boma lasowa ndalama zolipirira malipiro ndi ngongole zake, ndipo latapa ku banki yaikulu yomweyo. Makwacha aja abwereranso m'misika. Ena mwa iwo apita kukagula mafuta ndi katundu wakunja, ndipo mawa ali pakhomo pa banki kufunanso madola. Nkhokwe yatsika ndi 10 miliyoni, koma ofuna madola sanachepe ngakhale mmodzi.

Pamwamba pa izo, wokongola wamkulu m'dziko muno ndi boma. Chiwongoladzanja chikakwera, wabizinesi amasiya kukongola, koma boma silisiya. Limangolipira zambiri, ndipo kuti lilipire zambirizo limakongolanso. Mabanki nawo amaona kuti kukongoza boma n'kwaphindu ndiponso kosaopsa kusiyana ndi kukongoza mlimi wa soya kapena fakitale imene ikanabweretsa madola. Ndiye mutha kuona kuti amene akufinyidwa ndi yemwe akanathandiza kudzaza nkhokwe.

MUULUTSI: Ena amati bola kungoigwetsa kwachayo kamodzi n'kuthana nazo. Inu mukuti bwanji?

MPHUNZITSI: Maganizo anga ndi akuti kuteteza mtengo umene msika waukana kale n'kutaya madola, ndipo amene amapindula ndi ochepa amene ali ndi mwayi wogula ku banki motchipa, ena mwa iwo n'kukagulitsa pamsewu. Koma kugwetsa pakokha sikuchiza. Kugwetsa kwa Novembala 2023 kunatsegula njira ya ngongole ya bungwe la IMF ya madola pafupifupi 175 miliyoni, yoperekedwa pang'onopang'ono kwa zaka zinayi. Yerekezani ndi 250 miliyoni ya mwezi umodzi ija. Cholinga chinali chakuti pambuyo pake kwacha iziyenda motsatira msika. Koma kuyambira mu Malichi 2024 mtengo wa ku banki unaima pa makwacha pafupifupi 1,750 kwa nthawi yaitali, mitengo ya zinthu ikukwerabe, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2025 mtengo wa pamsewu unali woposa kawiri pamenepo. Pangano la IMF lija linatha mu Meyi 2025 lisanafike kumapeto. Mukagwetsa ndalama koma makwacha n'kumachulukabe, madola olowa osawonjezeka, mpata uja umatsegukanso.

MUULUTSI: Nthawi yatithera, aphunzitsi, koma womvera amene alibe mabuku a zachuma angadziwe bwanji kuti chitetezo chikugwira kapena chikulephera?

MPHUNZITSI: Ayambe ndi mpata wa pakati pa mtengo wa ku banki ndi wa pamsewu. Ukakhala waung'ono, wa makwacha ochepa pa 100 aliwonse, ndiye kuti amene akufuna madola akuwapeza ku banki. Ukamakula mwezi ndi mwezi, mtengo wa pa bolodi watsala dzina lokha. Afunsenso amalonda oitanitsa katundu kuti pempho la madola likutenga nthawi yaitali bwanji, chifukwa mzere umayamba kutalika ziwerengero zisanatuluke. Komiti ya banki yaikulu ikakumana n'kulengeza chiwongoladzanja, achiike pambali pa chiwerengero cha kukwera mitengo chimene ofesi ya ziwerengero ku Zomba imatulutsa mwezi uliwonse, aone chachikulu n'chiti.

Koma chizindikiro chimene ine ndimachidalira kwambiri ndi nyengo. Nkhokwe ikatsika mu Disembala kapena Januwale, si zachilendo, ndi nthawi yake. Muziyang'ana mu Ogasiti ndi Sepitembala, fodya atagulitsidwa. Ngati pamenepo yakwera kufika pa miyezi itatu, banki yaikulu ili ndi chogulitsa m'miyezi yovuta ikubwerayo. Ngati fodya watha koma nkhokwe ikadali pa mwezi umodzi, ndiye kuti feteleza ndi mafuta a dzinja limenelo adzalimbirana madola omwewo, ndipo amene ali ndi katundu woti aitanitse ayambiretu kuwerengera mitengo yake pa dola ya pamsewu.

MUULUTSI: Omvera, tikumanenso sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino.

(Nyimbo yotsekera)